Tigawana bwanji pamene mmodzi sanamalize kubweza ngongole?

Mlembi wa gulu:
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani ya banki m'khonde yathu, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munagawanapo kale. Tilipo anthu 20, timakumana sabata iliyonse. Sheya imodzi ndi 1,000, ndipo munthu amagula kuyambira imodzi mpaka masheya asanu pa msonkhano umodzi. Ngongole ndi ya miyezi itatu, chiwongoladzanja 10 pa 100 iliyonse pamwezi. Kugula masheya tinatseka sabata yatha, onse pamodzi akwana 3,000. Kwatsala masabata awiri kuti tigawane. Anthu 19 amaliza kubweza, ndipo m'bokosi muli 3,960,000, kuphatikizapo zindapusa za ochedwa ndi ojomba. Mayi mmodzi yekha ndi amene watsala. Pofika tsiku logawana ngongole yawo idzakhala 240,000, pomwe masheya awo ndi 120. Msonkhano wapitawu unatha ndi phokoso, aliyense ali ndi masamu ake. Kodi sheya tiiwerengere pa ndalama ziti?

Make mapasa:
Pepani achemwali, nthawi yogawana ndi pomwe pamaonekera mitima ya anthu. Koma ine sindikuonapo chovuta. Phatikizani 3,960,000 ndi 240,000 yawoyo, zikwana 4,200,000. Mukagawa ndi masheya 3,000, sheya imodzi ikubwera 1,400. Aliyense alandire pa 1,400, mayiwo muwadule ngongole yawo basi.

Mlangizi wopuma:
Mayi a mapasa, masamu anuwo ndi olondola papepala, koma m'bokosi sakwana. Tiyeni tiyende nawo pang'onopang'ono. Masheya a anthu 19 enawo ndi 2,880. Mukawalipira pa 1,400, pakufunika 4,032,000. Ndalama yogwirika ndi manja ndi 3,960,000. Ndiye kuti pakuperewera 72,000, ndipo amene adzaitanidwe kumapeto ndi amene adzapeze bokosi lili pululu. Ndinaonapo gulu litayamba kupereka motere, atafika pa kabuku komaliza ndalama zitatha, ndipo panalibe wofuna kubweza zomwe anali ataika kale m'thumba.

Ngongole yomwe sinabwere siigawidwa. Chimene chimagawidwa ndi ndalama yomwe owerenga ndalama awiri aja aiwerenga pamaso pa onse tsiku lomwelo. Choyamba mufufute masheya a mayiwo m'kabuku kawo, onse 120, poti ngongole yaposa masheya. Atsala 2,880. Kenako 3,960,000 mugawe ndi 2,880, ndipo sheya imodzi ikubwera 1,375. Wa masheya 200 alandira 275,000 m'malo mwa 280,000. Wa masheya 60 alandira 82,500 m'malo mwa 84,000. Aliyense wataya 25 pa sheya, wosunga zambiri wataya zambiri, wosunga zochepa wataya zochepa, ndipo palibe amene wasenza yekha.

Msungichuma wachinyamata:
Bambo mlangizi, ine ndikanagawa 3,960,000 ndi masheya onse 3,000, sheya ikhale 1,320. Si pamenepo pomwe pali chilungamo? Masheya a mayiwo nawonso anagwira ntchito chaka chonse.

Mlangizi wopuma:
Achimwene, mukatero mutsala ndi 158,400 patebulo, yomwe ndi masheya 120 pa 1,320. Mupatsa ndani? Mukapatsa mayiwo, ndiye kuti wangongole wapita ndi ndalama m'manja pomwe anzake ataya 80 pa sheya. Mukati muibweze ku gulu, muyenera kuigawanso kwa anthu 19 aja, ndipo ikabwera 55 pa sheya, n'kufika pa 1,375 pomwe paja. Njira yanu ndi yomweyo, kungoti yazungulira.

Gogo wa makiyi:
Ine funso langa lili kwina. Mwanawe mlembi, ngongoleyi inakula bwanji mpaka kuposa masheya kawiri? Anatenga zingati, ndipo pa tsiku lomwe ankatengalo anali ndi masheya angati?

Mlembi wa gulu:
Agogo, anatenga 300,000 ali ndi masheya 75. Lamulo lathu limati munthu asapitirire katatu pa zomwe wasunga, ndiye malire awo anali 225,000. Tsiku limenelo m'bokosi munatsala ndalama zambiri, panalibe wina wofuna, ndipo gulu linagwirizana kuti awonjezeredwe poti ndi munthu amene sanavutepo. Mwezi woyamba anapereka 30,000 ya chiwongoladzanja, wachiwiri 30,000 inanso. Mwezi wachitatu anayenera kubweretsa 330,000, anabwera ndi 130,000, kutsala 200,000. Kuchokera apo sanaperekenso ya ngongole. Takhala tikuwonjezera 20,000 mwezi uliwonse, ndi mmene yafikira 240,000. Koma masheya sanasiye kugula, awiriawiri pafupifupi sabata iliyonse.

Gogo wa makiyi:
Ehe, mfundo ndi imeneyo. Munthu akamapereka chiwongoladzanja chokha miyezi iwiri osakhudza mutu wa ngongole, dziwani kuti ndalamayo siili m'geni yake. Wa geni amabweza pang'onopang'ono, lero 40,000, mwezi wamawa 100,000, chifukwa katundu akamatuluka ndalama imalowa. Wopereka chiwongoladzanja chenichenicho, osapitirira ngakhale pang'ono, kawirikawiri amakhala akudikira munthu wina. Mukafufuza mupeza kuti anatengera m'bale kapena mnzawo wakunja kwa gulu. Masheya awiriawiriwo ankagula kuti pamsonkhano asaoneke kuti zavuta.

Mlembi wa gulu:
Mwalasa agogo. Tinamva mochedwa kuti 200,000 anapatsa mlamu wawo, ndipo mlamuyo sakuoneka.

Mnyamata wa geni:
Ine ndikuona kuti mwawachitira chifundo kale. Kwathu chiwongoladzanja chikapanda kulipidwa chimalowa m'ngongole. 200,000 ikhala 220,000, mwezi winawo 10 pa 100 ya 220,000 ndi 22,000, zonse 242,000. Komanso musavutike ndi masamu, pitani mukatenge katundu. Ife chaka chatha tinanyamula njinga ndi matiresi kwa wina, ndalama inapezeka mawa lake.

Mayi wapampando:
Mwana wanga, za katunduzo musafulumire kulangiza anzanu. Ngati mayiwo sanalembe chikole pa tsiku lotenga ngongole, pamaso pa mboni, gulu lilibe mphamvu yolowa m'nyumba mwawo. Njinga mukanyamuleyo mwina ndi ya amuna awo, ndipo mlandu wa ngongole usanduka mlandu wolanda. Inu zinakuyenderani chifukwa munthuyo anachita mantha, osati chifukwa munali pa lamulo. Za 242,000 kapena 240,000, zitengera zomwe zinalembedwa m'malamulo a gulu. Ngati sizinalembedwe, simungayambe lero kuwerengera chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja chifukwa choti mwakwiya.

Make mapasa:
Chabwino ndamva za 1,375. Nanga akafufutidwa masheya onsewo, mayiwo atsala ndi ngongole ya zingati? Ine ndikupeza 72,000. Masheya 120 pa 1,400 ndi 168,000, kuchotsa pa 240,000.

Mlangizi wopuma:
Apa ndi pomwe magulu amasiyana, ndipo sindinganene kuti mwalakwa. Mmene tinkaphunzitsira ife, masheya a wangongole amafufutidwa pa mtengo womwe anagulira, osati pa mtengo wa tsiku logawana. Mwachitsanzo, munthu wa masheya 120 akatsala ndi ngongole ya 50,000, timafufuta masheya 50, ndipo 70 otsalawo ndi amene amalandira phindu. Phindu la masheya 50 aja wataya, ndipo chimenecho ndiye chilango chake chosabweza pa nthawi. Tikatsata njira imeneyi kwa mayiwa, masheya 120 aphimba 120,000 yokha, ndipo atsala ndi 120,000.

Njira yanu, mayi a mapasa, ikuti tiwawerengere ngati kuti anabweza, ndipo atsala ndi 72,000. Ubwino wake ndi woti 72,000 ndiyo ndalama yeniyeni yomwe anzawo ataya: 25 pa masheya 2,880. Akaibweretsa, aliyense afika pa 1,400 ngati kuti panalibe vuto. Kuipa kwake ndi koti wosabweza walandira phindu lofanana ndi amene anavutika kubweza pa nthawi, ndipo chaka chamawa ena adzaona kuti kuchedwa kulibe mtengo. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi 48,000. Amlembi, tsegulani malamulo anu muone ngati analankhulapo.

Mlembi wa gulu:
Ndawerenga. Pangolembedwa kuti "wolephera kubweza adzadulidwa pa masheya ake". Za mtengo palibe.

Mayi wapampando:
Ndiye kuti ndi gulu lonse loyenera kugamula, osati komiti. Ine ndikanakhala pamenepo ndikanaimira 72,000. Gulu lomwelo ndi limene linadumpha malire a katatu, manja anakwezedwa ndi onse. Komanso mayiwa apereka kale 90,000 ya chiwongoladzanja pa miyezi itatu yoyamba ija, ndipo ili m'bokosimo, anzawo agawana. Munthu ukamuuza 72,000 amaona kuti angathe, amayesetsa. Ukamuuza 120,000 atataya kale masheya onse, amangosowa.

Gogo wa makiyi:
Ine ayi, amayi. Chisoni n'chabwino koma ndalama ndi za anthu 19, ena mwa iwo anagulitsa zinthu zawo kuti abweze tsiku lisanakwane. Mukawauza kuti wosabweza awerengeredwa phindu lofanana ndi lawo, chaka chamawa simudzawaonanso akuthamanga. Alembedwe 120,000. Akabweza 72,000 mokhulupirika, gulu likhoza kukhululuka yotsalayo, koma kukhululuka kubwere pambuyo, osati patsogolo.

Mlongo wa kusukulu:
Pepani kulowerera. Kodi mulibe thumba la zadzidzidzi? Ife timasonkha pang'ono sabata iliyonse la matenda ndi maliro. Bwanji osatapa mmenemo kutseka 72,000, aliyense alandire 1,400 yake mwamtendere?

Mlembi wa gulu:
Lilipo, timaponya 200 aliyense pa msonkhano, ndipo mwatsala 95,000. Ena ananenadi zomwezo.

Mlangizi wopuma:
Musatero. Thumba limenelo aliyense amaponya mofanana, wa masheya 200 ndi wa masheya 60 onse 200 pa sabata. Mukatapamo 72,000, munthu aliyense mwa 20 waperekapo 3,600. Koma pogawa muigawa motsata masheya: wa 200 alandira 5,000, wa 60 alandira 1,500. Mwaona? Wosunga zochepa walipira 3,600 kuti alandire 1,500, ndalama yachoka kwa wochepekedwa kupita kwa wopeza bwino. Kuwonjezera apo, mukagawana bokosi la ngongole limayamba lopanda kanthu, ndipo vuto likagwa sabata yotsatira thandizo lokhalo ndi thumba limeneli. N'chifukwa chake limasungidwa m'kathumba kakekake ndipo silikongozedwa pa chiwongoladzanja.

Mnyamata wa geni:
Poti tili pa nkhani yogawana, ine chimandiwawa ndi china. Chaka chino ndakongola katatu, chiwongoladzanja chomwe ndapereka chikupitirira 100,000. Pali bambo wina sanakongolepo ngakhale kamodzi, amangogula masheya asanu n'kukhala phee. Tsiku logawana iyeyo ndi amene adzanyamule zambiri, thukuta langa. Chiwongoladzanja chizibwerera kwa amene anachipereka, kapena aliyense azikakamizidwa kukongola.

Make mapasa:
Apa ndiye ndili nanu achimwene. Kwathu tinaika lamulo loti aliyense akongole kosachepera kawiri pachaka, apo ayi alandira masheya ake okha opanda phindu.

Mlangizi wopuma:
Achimwene a geni, ndikufunseni. Pamene munkatenga katatu pa zomwe munasunga, magawo awiri enawo anali a ndani? Anali a bambo okhala pheewo ndi ena onga iwo. Popanda iwo bokosi silikanakwanitsa kukupatsani. Chiwongoladzanja ndi mtengo wogwiritsira ntchito ndalama ya mnzako, ndipo phindu la ngongoleyo munalipeza kale ku geni yanu. Onaninso nkhani ya amlembiyi: wa masheya 200 amene mwina sanakongole n'komwe ndi amene akutaya 5,000 chifukwa cha ngongole ya wina. Ngati amasenza nawo zikavuta, alandirenso nawo zikayenda.

Njira ya banki m'khonde imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, pakati pa amayi akumidzi, ndipo maziko ake anali kusunga. Ngongole ndi ya amene ali ndi pogwiritsira ntchito. Lamulo lokakamiza limaoneka labwino chifukwa limakweza mtengo wa sheya, koma taganizani munthu wopanda geni atapatsidwa 150,000 yomwe sanaifune. Achita nayo chimodzi mwa zitatu: aisunga m'nyumba n'kumalipira chiwongoladzanja kuchokera m'thumba mwake, aidya, kapena aipereka kwa wakunja. Chachitatuchi ndi chimene chagwetsa mayi tikukamba pano, ngakhale iwo sanakakamizidwe.

Make mapasa:
Komabe bambo, ndalama ikangogona m'bokosi phindu lichokera kuti? Chaka china tisanaike lamuloli sheya inangokwera pang'ono, anthu anakhumudwa. Ndipo bokosi lodzaza ndi ndalama kunyumba kwa munthu mmodzi ndi ngozi.

Mlangizi wopuma:
Pa ngoziyo mukunena zoona, ndipo si nkhani yaing'ono. Maloko atatu ndi makiyi kwa anthu atatu osiyana amateteza kuti wina asatsegule yekha, koma sateteza bokosi kunyamulidwa lonse. Koma ndalama ikamatsala mwezi ndi mwezi, ikukuuzani kuti pa mtengo umenewo ofuna ngongole ndi ochepa kuposa osunga. Mankhwala ake ndi kutsitsa chiwongoladzanja poyamba chaka china, kapena kuchepetsa mtengo wa sheya, ndipo miyezi yomaliza yomwe ndalama imachuluka mukhoza kuisungitsa ku akaunti ya gulu yosainira anthu angapo. Kukankhira ndalama kwa munthu kuti bokosi lipepuke ndi komwe kunachititsa kuti wa malire a 225,000 apatsidwe 300,000.

Mnyamata wa geni:
Ndamva, koma sindinakhutire. Wina amagula sheya imodziimodzi chaka chonse, miyezi iwiri yomaliza n'kuyamba kugula asanuasanu. Sheya ya mwezi womaliza sinakongozedwepo, koma ilandira 375 ngati ya mwezi woyamba. Pamenepo chilungamo chili pati?

Mayi wapampando:
Pamenepo mwagwira mfundo, ndipo palibe amene angakutsutseni. Malire a masheya asanu anaikidwa kuti zoterezi zisakule, munthu asabwere ndi thumba lonse kumapeto, koma sathetsa zonse. Ena amatseka kugula masheya mwezi umodzi kapena iwiri tsiku lisanafike. Ena anayesa kuwerengera sheya iliyonse ndi miyezi yomwe yakhala m'bokosi. Masamu ake ndi olungama, koma amene angawatsate ndi mlembi yekha ndi foni yake, ndipo gulu likafika poti anthu sangathe kudziwerengera okha ndalama zawo, kukayikirana kumayamba. Ine ndimasankha masamu oti agogo osadziwa kulemba awerenge zidindo za m'kabuku kawo n'kudziwa zomwe alandire.

Gogo wa makiyi:
Zidindo zomwezo, mwanawe mlembi, muziwerenge tsiku lisanafike. Kabuku kalikonse kawerengedwe ndi anthu awiri, tsamba ndi tsamba, mwini wake ali pomwepo, ndipo chiwerengero chilembedwe pachikuto. Mukaphatikiza timabuku tonse 20 tikupatseni 3,000 yomwe ili m'kaundula wanu. Kukasiyana ngakhale masheya atatu, pezani pomwe pasokonekera musanatchule mtengo wa sheya. Pa tsikulo yalani timabuku tonse patebulo, owerenga ndalama aike ndalama ya munthu aliyense m'kabuku kake, ndipo pasapezeke wotola kake mpaka komaliza kadzadzidwe. Pakaperewera, mukonza ndalama zikadali patebulo. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono zosinthira, chifukwa 1,375 ikachulukitsidwa imatulutsa manambala osathera pabwino.

Msungichuma wachinyamata:
Ife tinasiya bokosi, zonse timatumizirana pafoni. Vuto la zosinthira kulibe.

Gogo wa makiyi:
Kulibedi, koma ndalama yotumizira ndi yotapira imadulidwa. Mugwirizane msanga kuti alipira ndani, gulu kapena wolandira, ndipo ngati ndi gulu ichotsedwe musanagawe ndi masheya.

Mlembi wa gulu:
Zikomo nonse. Dzulo madzulo ine ndi amayi apampando athu tinapita kukacheza ndi mayi aja. Sanabise kanthu. Akuti pofika tsiku logawana apeza 40,000, yotsalayo akupempha miyezi itatu. Ikabweradi, m'bokosi mukhala 4,000,000. Ndagawa ndi 2,880, ikubwera 1,388 ndi kanthu pamwamba. Kanthu kameneko nditani nako?

Mlangizi wopuma:
Tsitsani, musakweze. Lipirani pa 1,388, zonse zikwana 3,997,440, ndipo patsala 2,560 yoyambira chaka chatsopano kapena yogulira timabuku. Mukakweza kufika 1,389 bokosi liperewera 320. Koma 40,000 imeneyo muiwerengere pokhapokha itafika patebulo. Konzani mapepala awiri, lina la 1,375 lina la 1,388, mudzatulutse loyenera pa tsikulo.

Ndalama yotsalayo, kaya gulu ligamula 32,000 kaya 80,000, ilembedwe papepala: kuchuluka kwake, masiku obweza, komanso ngati chiwongoladzanja chaima kapena chikupitirira. Ine ndingati chiime, poti chaka chatha. Asaine mayiwo, wapampando ndi mboni ziwiri. Chinthu chimene ambiri amaiwala ndi ichi: ndalamayo ndi ya anthu 19 a chaka chino, motsata masheya awo a chaka chino. Isalowe m'bokosi la chaka chamawa, chifukwa mudzakhala olowa atsopano ndipo ena atuluka. Sungani mndandanda wa masheya 2,880 aja, ikabwera mudzagawe ndi umenewo.

Make mapasa:
Nanga mayiwo chaka chamawa muwalola kulowanso?

Gogo wa makiyi:
Amalize kaye kubweza.

Mayi wapampando:
Ine ndikanawalola kusunga koma osakongola mpaka atamaliza. Munthu amene akubwerabe pamsonkhano sabata ndi sabata ndi wosavuta kumufunsa kusiyana ndi amene mwamuthamangitsa.

Mlembi wa gulu:
Zonse ziwiri ndikazitula ku gulu Loweruka, pamodzi ndi za 32,000 kapena 80,000, anthu akakweze manja. Pa malamulo a chaka chamawa ndalemba kale zoti tikambirane: mtengo wofufutira masheya a wangongole, malire a katatu osadumphika ngakhale ndalama itatsala, komanso kuti wodutsitsa miyezi itatu ndalama yomwe wabweretsa izipita ku ngongole kaye asanagule sheya. Ngati pali gulu lomwe linalembapo za munthu wotengera wakunja ngongole, nditumizireni mmene munalembera, chifukwa pamenepo sindinapeze mawu oti onse angavomere.